Musatamande sikelo ikatsika mofulumira

Pa ntchito yanga yolangiza anthu za kadyedwe, mawu amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi akuti, “Ndatsika makilogalamu anayi pa masabata awiri okha.” Wonenayo amayembekezera kuti ndimuyamikira, koma ine ndimayamba ndamufunsa kuti chimene chachoka m'thupi mwakecho n'chiyani, chifukwa sikelo siisiyanitsa mafuta, madzi ndi minofu.

Mayi wina wa zaka 38, wolemera makilogalamu 80, amene naye anatsika makilogalamu anayi pa masabata awiri, ndimamukumbukirabe. Titawerengera bwino, thupi lake linkafuna makalori, omwe ndi muyezo wa mphamvu yochokera m'chakudya, pafupifupi 2,200 pa tsiku kuti asanenepe kapena kuwonda, koma iye anadzidulira mpaka 1,000 potsatira malangizo a munthu amene ankamugulitsa tiyi “wosungunula mafuta”. Ankaperewera makalori 1,200 tsiku lililonse, ndiye kuti 16,800 pa masiku 14. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, choncho ngakhale kuperewera konseko kukanalipiridwa ndi mafuta okhaokha, sakanataya opitirira kwenikweni makilogalamu awiri. Enawo anali madzi, zam'matumbo, shuga amene thupi limasunga m'chiwindi ndi m'minofu, komanso mwina minofu yeniyeniyo. Tiyi uja ankangomutsegula m'mimba basi.

Anafika kwa ine mwezi wachitatu chiyambireni kudzimana chakudyako. Atakhala pa mpando anapinda manja m'khwapa chifukwa cha kuzizidwa pamene tonse tinkamva kutentha, ndipo poimirira anagwirira tebulo chifukwa cha chizungulire. Tsitsi linkathothoka, msambo unali utadumpha, ndipo usiku ankalephera kudzigwira n'kudya mosaletseka, kenako m'mawa n'kudziimba mlandu. Chimene chimandipwetekabe mtima n'chakuti zizindikiro zonsezi ankaziona ngati umboni woti akulimbikira, ndipo n'chifukwa chake anachedwa kubwera.

Tinayamba n'kumubwezera chakudya pang'onopang'ono kufikira mphamvu zitabwerera. Kenako tinachotsa makalori 450 okha pa 2,200 aja, n'kutsala 1,750. Pa sabata amenewa ndi makalori 3,150, omwe ndi mafuta osafika theka la kilogalamu. Iye anadandaula kuti n'zochedwa, ndipo ndinamuyankha monga ndimayankhira aliyense, kuti kwa anthu ambiri kuchepetsa makalori 300 mpaka 500 pa tsiku n'kokwanira, ndiponso kuti kutsika kwa pa sabata kusapitirire 1 peresenti ya kulemera kwa thupi. Munthu amene ali kale ndi mafuta ochepa ayenera kukhala cha pa theka la peresenti, chifukwa mafuta akamachepa thupi limafulumira kudya minofu.

Nambala ya makalori payokha siiteteza minofu, ndipo apa m'pamene ambiri amaphonya. Thupi limasunga mnofu umene ukugwira ntchito komanso umene ukudyetsedwa. Mayiyu tinamuikira mapuloteni okwana magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kumene ankafuna kufika, komwe kunali makilogalamu 70, ndiye kuti magalamu 112 pa tsiku, ogawidwa pa chakudya chilichonse. Poti dzira limodzi lili ndi magalamu asanu ndi limodzi okha, munthu safika pa mlingo umenewu mwangozi, ayenera kuchita kukonzekera. Tinawonjezera masewera onyamula zolemera katatu pa sabata, osati kuthamanga kokha, ndipo ndinaumirira kuti azigona maola osachepera asanu ndi awiri, popeza wosowa tulo njala imamuvuta kwambiri.

Pofuna kudziwa ngati mlingo wanu uli bwino, dziyezeni m'mawa musanadye, masiku angapo pa sabata, ndipo muziyerekeza avareji ya sabata ino ndi ya sabata yapitayo, osati tsiku ndi tsiku, chifukwa mchere ndi msambo zimasintha madzi a m'thupi. Ngati chiuno chikuchepa pamene zolemera zimene mumanyamula sizikutsika, mafuta ndiwo akuchoka. Ngati mphamvu zikutha sabata ndi sabata, mukuzizidwa, tulo tikusowa kapena msambo wasokonekera, bwezeranipo makalori 200 ndipo muonane ndi dokotala osadikira mwezi wina. Sikelo ikaima masabata atatu, chotsanipo 100 kapena 150, osati theka la mbale.

Amene ali ndi matenda a shuga n'kumabaya insulini, odwala impso, amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, achinyamata amene akukulabe, ndi aliyense amene anavutikapo ndi matenda odzimana chakudya, asayambe zimenezi paokha. Kudya makalori osafika 800 pa tsiku kumachitika pokhapokha dokotala akuyang'anira, mwa zina chifukwa kuwonda mofulumira kumatha kuyambitsa miyala m'ndulu. Wogulitsa tiyi uja sanafunse mayiyu ngakhale funso limodzi la mankhwala amene ankamwa.