Loni ya kubanki kapena kugulitsako masheya, bizinesi ikafuna mpamba wina

Ntchito yanga ndi yowerengera anthu mabuku a bizinesi kuno ku Mangochi, ndiye funso ili ndimakumana nalo pafupipafupi, makamaka kwa amene bizinesi yawayendera mpaka mpamba wayamba kuchepa. Tiyerekeze kampani yopanga ayisi cha ku Makawa, imagulitsa kwa asodzi ndi amayi ogula nsomba, phindu lake K40 miliyoni pachaka. Makasitomala achuluka, mashini amodziwo sakukwanitsa, enawo akufunika K60 miliyoni ndipo akabwera phindu lifika K60 miliyoni. Ndalamayi ichokere kuti?

Tiyambe ndi banki. Tinene akupatsani loni ya zaka 3 pa chiwongola dzanja cha 30 peresenti, musadabwe, mu 2024 Reserve Bank yenyeniyo inaika chake pa 26 peresenti ndipo mabanki amaonjezerapo. Mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K2.5 miliyoni, pomaliza mwabweza cha m'ma K92 miliyoni, ndiye kuti K32 miliyoni ndi chiwongola dzanja chokhachokha. Zimawawa inde koma miyezi 36 ikatha nkhani yatha, mashini ndi anu, kampani ndi yanu yonse, komanso chiwongola dzanjacho chimalowa m'gulu la zowonongedwa pa bizinesi ndiye msonkho wa ku MRA umatsikako.

Koma banki siidziwa mwera. Juni ndi Julayi mphepo ikavuta maboti amakhala masiku ali pamtunda, kumapeto kwa chaka nyanja amatseka, ayisi ogula ndani? K2.5 miliyoni ija ikufunikabe pa tsiku lake. Nchifukwa chake ine munthu akabwera sindiyamba ndi phindu la chaka, ndimati mundionetse mwezi umene munavutika kwambiri, mutalipira antchito, magetsi ndi dizilo wa jenereta munatsala ndi zingati. Ngati ndi K1.8 miliyoni ndipo mulibe zosunga za miyezi yabwino, loniyo ikumizani ngakhale mabuku akuti mukupindula. Mudzayamba kuchedwetsa malipiro, kenako katapila kuti mutseke dzenje la kubanki, ndipo paja chikole munaika nyumba ija.

Njira inayo ndiyo kulowetsa munthu wandalama, abweretse K60 miliyoni inu mumupatse masheya. Apa palibe chobweza mwezi ndi mwezi, palibe chikole, chaka chikavuta naye chamuvuta. Kwa abale athu Achisilamu amene safuna za riba, kutanthauza chiwongola dzanja, njira iyi imakhala yowakomera chifukwa mukugawana phindu ndi kuluza komwe.

Pomwe ambiri amagwera mpoti amupatse gawo lanji. Choyamba mugwirizane kuti kampani ndi ya ndalama zingati iye asanalowe, tinene K180 miliyoni. Zake zikalowa yafika K240 miliyoni, ndiye gawo lake ndi 60 pa 240, yomwe ndi 25 peresenti. Ena amawerengera 60 pa 180 nkupereka 33 peresenti, aluza kale asanasaine nkomwe. Ndipo 25 peresentiyo si ya mashini atsopano okha ayi, ndi ya kampani yonse, ndi thukuta lanu lakale lomwe. Phindu la K60 miliyoni mukagawana lonse iye akutenga K15 miliyoni chaka chimenecho. Zaka 3 zoyamba ndi K45 miliyoni, theka chabe la zomwe banki ikanakutengerani, mpweya ulipo. Koma iye sachoka, pofika zaka 10 watenga K150 miliyoni masheya akadali m'manja mwake, ndipo kampani ikamakula gawo lakelo likukula nayo.

Kuonjezera apo mwapeza mnzanu wofunsa. Kale mumangotapa m'kabati kukakhala maliro kumudzi, pano iye afuna malisiti, ndipo ali ndi ufulu. Ndiye zonse zilembedwe pamaso pa loya, ndani asaina macheke, phindu mugawana liti, akafuna kutuluka masheya ayamba kugulitsa kwa ndani, akamwalira ana ake alowa bwanji. Zapakamwa zoti "ndife pachibale" zimathera kukhoti.

Pa kampani ya ayisiyi ine ndikanasankha loni, chifukwa makasitomala alipo kale ndipo mashini ayamba kulowetsa ndalama akangolumikizidwa, bola mwiniwake apemphe banki kuti miyezi yoyamba mashini asanafike azilipira chiwongola dzanja chokha, komanso azipatula ndalama nthawi yomwe nsomba zikufa kwambiri zodzalipirira nthawi ya mwera. Koma akanati akumanga loji ku Monkey Bay, yoti patha zaka ziwiri mlendo woyamba asanagone, apo ndikanamuuza asake munthu wa masheya, chifukwa banki iyamba kudula mwezi wamawa makoma ali pa windo.