Pluto akafika pa Dzuwa la tsiku limene munabadwa

Openda nyenyezi akanena kuti Pluto ali pa Dzuwa lanu, sakutanthauza kuti kumwamba kwachitika kugundana kulikonse. Dzuwa limene akunenalo ndi malo chabe pa tchati, chomwe ndi chojambula chosonyeza pamene dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zinali pa nthawi imene munabadwa. Njira imene dzuwa limaoneka kuti likuyendamo pa chaka anaigawa m'madigiri 360, ndipo madigiriwo anawaika m'zigawo 12 za madigiri 30 chilichonse, zija mumazidziwa ndi mayina monga Leo, Capricorn ndi Aquarius. Pa nthawi imene munabadwa dzuwa linali pa digiri inayake, ndipo digiri imeneyo siisintha moyo wanu wonse. Pulaneti ikafika pa digiri yomweyo patapita zaka, ndiye amati ikudutsa pa Dzuwa lanu.

Mwezi umachita zimenezi mwezi uliwonse ndipo pakangotha maola ochepa wapita, n'chifukwa chake palibe amene amautaya nawo tulo. Nkhani imakula ikakhala pulaneti yoyenda pang'onopang'ono. Saturn amatenga zaka pafupifupi 29 ndi theka kuti azungulire dzuwa, Uranus zaka 84, Neptune zaka pafupifupi 165, pomwe Pluto amatenga zaka 248. Saturn akafika pa Dzuwa amati ndi nyengo ya udindo wolemera ndi kutopa, Uranus amati amabweretsa kusintha kodzidzimutsa, ndipo Neptune amati amasokoneza munthu mpaka osadziwa chimene akufuna. Koma pano ndikhazikika pa Pluto, chifukwa ndi amene amakhalitsa, ndi amene anthu amamuopa kwambiri, ndiponso ndi amene nkhani yake imapotozedwa kawirikawiri. Asayansi a zakuthambo anamuchotsa m'gulu la mapulaneti akuluakulu mu 2006, koma openda nyenyezi sanasiye kumuwerengera.

Pa tchati, Dzuwa amati limaimira munthu mwiniwake: chimene amadziona kuti ali, mphamvu zake, zimene akufuna kudziwika nazo. Ambiri amawonjezapo bambo womubereka ndi anthu amene ali ndi ulamuliro pa iye. Pluto amamulumikiza ndi ulamuliro, zinthu zobisika, komanso kutha kwa chinthu kuti china chiyambe. Ziwirizi zikakumana, chimene amati chikuchitika n'chakuti zimene munthu wakhala akutsamirapo podzifotokoza zimayamba kugwedezeka. Amene kwa zaka 20 wakhala akudziwika ndi udindo wake kuntchito amapezeka kuti udindowo wamuthera, kapena akadali nawo koma sakuumvanso kukoma. Wina amayamba kukokana ndi bwana wake, bambo ake kapena mnzake wa m'banja pa funso limodzi lokha, loti ndani ali ndi mawu omaliza. Wina chinsinsi chimene anachikwirira kalekale chimatulukira poyera. Chizindikiro chimene amachitchula kwambiri n'chakuti munthu akamalimbikira kugwiritsitsa chinthu chimene chikuchoka, m'pamenenso zimam'pweteka, ndipo nyengoyo ikatha amadzapezeka kuti zimene ankaziona zofunika kale sizikumukokanso.

Mabuku a openda nyenyezi amakonda mawu akuti imfa ndi kubadwanso pofotokoza Pluto, ndipo apa m'pamene anthu amachita mantha pachabe. Imfa imene akunenayo ndi yophiphiritsa, kutha kwa khalidwe kapena udindo. Aliyense wobadwa pa deti limodzi, kaya ndi khanda kaya ndi gogo, Pluto amafika pa Dzuwa lake pa nyengo yofanana. Amenewa ndi anthu mamiliyoni ambiri padziko lonse, ndipo n'zodziwikiratu kuti samwalira onse, kusudzulana onse kapena kuchotsedwa ntchito onse. Wopenda nyenyezi amene angakuuzeni kuti mufa kapena mudwala chifukwa cha Pluto wapyola malire a ntchito yake.

Tsopano tione mmene nthawi yake amaiwerengera, chifukwa m'pamene pali zinthu zimene mungathe kuzitsimikizira nokha. Tiyerekeze munthu wobadwa pa 20 Januwale, m'chaka chimene dzuwa linali litangolowa kumene mu Aquarius pa ola lake lobadwa. Pa tchati chake padzalembedwa 0°00' Aquarius. Kenako timatsegula efemerisi, lomwe ndi tebulo losonyeza malo a pulaneti iliyonse tsiku ndi tsiku, n'kutsatira mzere wa Pluto.

Pluto anafika pa digiri imeneyi koyamba pa 23 Malichi 2023. Sanapite patali. Pa 1 Meyi anaima pa 0°22' Aquarius n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, ndipo pa 11 Juni anadutsanso pa malo omwe aja kachiwiri, ulendo uno chafutambuyo. Anabwerera mpaka 27°53' Capricorn mu Okutobala, kenako anatembenuka n'kudutsapo kachitatu pa 21 Januwale 2024. Chaka chimenecho anafika pa 2°06' Aquarius mu Meyi, n'kubwereranso, ndipo anadutsapo kachinayi kumayambiriro kwa Sepitembala. Kachisanu, komwe kanali komaliza, kanali pa 19 Novembala 2024. Choncho kwa munthu ameneyu si tsiku limodzi ayi, koma maulendo asanu m'miyezi pafupifupi 20.

Kubwerera m'mbuyoku si kwenikweni. Pluto sasintha njira. Dziko lathuli limazungulira dzuwa mofulumira kwambiri kuposa iye, ndiye chaka chilichonse tikamamupitirira amaoneka ngati akubwerera, monga mmene galimoto imene mukuipitirira pamsewu imaonekera ngati ikupita m'mbuyo. Zimenezi zimatenga miyezi yoposa isanu pa chaka, ndipo mu efemerisi amaika chilembo R pamene zayambira. Chifukwa cha kupita ndi kubwereraku, masiku ano Pluto amasuntha madigiri osakwana awiri pa chaka chathunthu.

Openda nyenyezi amapereka tanthauzo ku ulendo uliwonse. Woyamba amati ndi pamene nkhani imatulukira: kalata yosayembekezereka, mkangano woyamba, kapena kungomva mumtima kuti pano sipakhalikanso. Wobwerera m'mbuyo amati nkhaniyo imalowa mkati, kunja kumaoneka bata koma munthu akulimbana ndi maganizo. Womaliza ndi pamene chisankho chimachitika kapena chinthu chimatsekedwa. Ineyo dongosolo limeneli ndimaliona kuti ndi losalala mopitirira muyeso, chifukwa moyo wa munthu suyenda mwa ndondomeko chonchi, koma ndi mmene amaphunzitsira. Chimene ambiri amagwirizana n'chakuti nthawi imene pulaneti yaima pafupi ndi Dzuwa ndiyo yolemera kuposa tsiku limene yadutsa ndendende. Kwa munthu wathu uja, imeneyo ndi Meyi 2023, pamene Pluto anakhala milungu ingapo osasuntha kwenikweni, komanso Okutobala 2024, pamene anaima pa 29°38' Capricorn. Nthawi zonse ziwirizi anali pa mtunda wosakwana theka la digiri kuchokera pa Dzuwa lake.

Nanga nyengoyi imayamba liti, n'kutha liti? Zimadalira mpata umene wopendayo walola pakati pa pulaneti ndi Dzuwa. Akalola digiri imodzi mbali iliyonse, nyengo ya munthu wathu ikuyamba mu Febuluwale 2023 n'kutha kumapeto kwa 2024. Akalola madigiri awiri, ikuyamba kumayambiriro kwa 2022 n'kufika kumapeto kwa 2025. Ena amalola madigiri asanu kapena kuposa, ndipo akatero nyengoyo imapitirira zaka zisanu ndi chimodzi. Apa ndiye pofunika kuchenjera. M'zaka zisanu ndi chimodzi, ndani amene sakumana ndi maliro, kusintha ntchito kapena kusamvana ndi wachibale? Mpata ukakula chonchi, chilichonse chimakwanamo, ndipo zimene wauzidwazo sizingalephere chifukwa sizikunena kanthu. Ndikamayang'ana Pluto sindipyola digiri imodzi, ndipo munthu akandiuza kuti vuto lake linayamba zaka zinayi Pluto asanafike, ndimamuuza kuti tchati sichikugwirizana nazo.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kusokoneza chigawo ndi digiri. Pluto akhala mu Aquarius mpaka cha m'ma 2043 ndi 2044, ndiye nkhani zoti onse a Aquarius ali pa moto pakali pano n'zosamveka ngakhale pa malamulo a openda nyenyezi eni ake. Wobadwa pa 15 Febuluwale Dzuwa lake lili cha pa madigiri 26, ndipo Pluto sadzafikapo mpaka cha m'ma 2040. Ngakhale tsiku limodzi limasintha zinthu, pakuti dzuwa limayenda pafupifupi digiri imodzi pa tsiku. Amene Dzuwa lake lili pa 1°00' Aquarius, Pluto anamudutsa katatu kokha, mu Febuluwale, Julayi ndi Disembala 2024. Ola lobadwa likalakwika ndi maola awiri, Dzuwa limangosuntha gawo limodzi mwa magawo 12 a digiri, choncho si vuto lalikulu. Koma chaka chobadwa n'chofunika, chifukwa pa deti lomwelo dzuwa silikhala pa digiri yofanana ndendende chaka ndi chaka. Wina wa pa 20 Januwale amapezeka kuti Dzuwa lake lili pa madigiri 29 a Capricorn.

Palinso anthu ochuluka amene zimenezi sizidzawachitikira n'komwe. Wobadwa mu Ogasiti 1990 Dzuwa lake lili mu Leo kapena Virgo, pomwe Pluto nthawi imeneyo anali kale mu Scorpio, kutsogolo kwa Dzuwalo. Kuti azungulire n'kudzafikanso pamenepo padzatenga zaka pafupifupi 200. Mwa mapulaneti anayi oyenda pang'onopang'ono aja, Saturn ndiye amafika pa Dzuwa la munthu kawiri kapena katatu pa moyo wautali.

Madeti onse ndatchulawa ndi masamu a zakuthambo, ndipo aliyense angawapeze mu efemerisi. Tanthauzo lake ndi nkhani ina. Pluto anamutulukira ndi Clyde Tombaugh mu 1930, choncho zimene amanena za iye si nzeru zamakedzana monga ena amaganizira. Anazipanga m'zaka zosakwana 100, makamaka potengera dzina lake, lomwe ndi la mulungu wa Aroma wolamulira dziko la akufa. Sayansi sinapeze njira iliyonse imene malo a Pluto angakhudzire ntchito kapena banja la munthu. Pa kafukufuku wa Shawn Carlson amene anatuluka m'magazini ya Nature mu 1985, openda nyenyezi anapatsidwa matchati kuti awalumikize ndi makhalidwe a eni ake, ndipo sanachite bwino kuposa munthu wongolota. Kafukufukuyo anayesa matchati a kubadwa, osati kudutsa kwa mapulaneti, koma kudutsako kumadalira tchati chomwecho.

N'chifukwa chake munthu akabwera atatopa, akuonda, tulo tikumusowa, n'kumati ndi Pluto, ndimamufunsa kaye ngati wapita kuchipatala. Amene akufuna kusiya ntchito kapena kuthetsa banja ndimamuuza kuti abise tchaticho, kenako afotokoze zifukwa zake popanda kutchula pulaneti iliyonse. Zifukwazo zikapanda kuima pazokha, ndimamulangiza kuti asasaine kalata iliyonse mwezi umenewo.