Magazi a Rh negetivi: jakisoni wa maola 72 amene amateteza mwana wachiwiri

Uthengawu ukupita kwa amayi oyembekezera, amuna awo, apongozi ndi anankungwi a m'boma la Ntcheu. Kusikelo ya amayi apakati timamva kawirikawiri mayi akunena kuti, “Mwana wanga woyamba ndinabereka bwinobwino, ndiye magazi anga alibe vuto.” Pa matenda ambiri mawu amenewa ndi olimbikitsa, koma pa vuto la kusiyana kwa magazi a mayi ndi a mwana ndi mawu oopsa, chifukwa mwana woyamba nthawi zambiri amabadwa wathanzi ndithu, ndipo ngozi imagwera wachiwiri ndi onse obwera pambuyo pake.

Kuwonjezera pa magulu a magazi a A, B, AB ndi O, pali chizindikiro china chimene chimakhala pa maselo ofiira a magazi, ndipo m'buku la kuchipatala chimalembedwa kuti Rh. Amene ali nacho amatchedwa Rh pozitivi, amene alibe ndi Rh negetivi. Munthu amabadwa nazo, amatengera kwa makolo ake, ndipo zimakhala choncho moyo wake wonse. Anthu ambiri kuno kwathu ndi pozitivi, moti amayi a negetivi ndi owerengeka chabe pa amayi 100 alionse. Chonde musasokoneze zimenezi ndi zotsatira za HIV. Mayi akauzidwa kuti ndi negetivi pa HIV, sizitanthauza kuti gulu la magazi ake layezedwa, ndipo kukhala Rh pozitivi kapena negetivi si matenda ayi.

Vuto limayamba mayi wa Rh negetivi akatenga pakati pa mwana wa Rh pozitivi, amene watengera chizindikirocho kwa bambo ake. Mwana ali m'mimba, magazi ake ndi a mayi sasakanikirana kwenikweni chifukwa nsengwa imawalekanitsa. Koma pobereka, nsengwa ikamachoka, timagazi pang'ono ta mwana timalowa m'mitsempha ya mayi. Thupi la mayi limaona maselo amenewa ngati achilendo, ndipo m'milungu ndi miyezi yotsatira limapanga asilikali olimbana nawo. Panthawiyo mwana woyamba ali kale kumsana, choncho sakhudzidwa. Mayi nayenso samva kanthu, mutu suwawa, thupi silitentha, ndipo palibe chimene chingamuchenjeze. Koma thupi lake siliiwala, moti akadzatenganso pakati pa mwana wa pozitivi, asilikali aja amachuluka msanga, amadutsa mu nsengwa ndi kuyamba kuphwanya maselo ofiira a mwana amene ali m'mimbayo.

Si mayi aliyense wa negetivi amene thupi lake limapanga asilikaliwa. Popanda chitetezo chilichonse, zimachitika kwa amayi pafupifupi 16 pa 100 alionse amene abereka mwana wa pozitivi, koma palibe njira yodziwiratu kuti ndani adzakhala pakati pa 16 amenewo. N'chifukwa chake aliyense wa negetivi ayenera kulandira jakisoni wa anti-D. Jakisoniyu, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1968, amachotsa maselo a mwana amene alowa m'magazi a mayi thupi lisanayambe kulimbana nawo. Mlingo umene umaperekedwa kawirikawiri ndi mamayikulogalamu 300, ndipo uyenera kubayidwa pasanathe maola 72 chibadwire mwana. Ukaperekedwa m'nthawi imeneyi, amayi amene amapangabe asilikali amatsika kufika pa mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, ndipo kumene mayi amalandiranso wina pakati pakakwana milungu 28, chiwerengerocho chimatsika kwambiri kuposa pamenepa.

Maola 72 ndi masiku atatu okha, ndipo amawerengedwa kuyambira ola limene mwana wabadwa. Mayi akachira Lachisanu nthawi ya 10 koloko usiku, nthawi yake imatha Lolemba 10 koloko usiku, ndipo Loweruka ndi Lamulungu amawerengedwa ngati masiku ena onse. Apa ndi pamene timataya amayi ambiri. Wina watuluka m'chipatala tsiku lotsatira chifukwa kunyumba kuli ntchito ya kudimba, wina wachirira m'njira ndipo wabwerera kumudzi n'kulowa m'chikuta mpaka mchombo utagwa, wina wauzidwa kuti jakisoni kulibe pachipatala chaching'onocho ndipo waganiza kuti adzapita kuboma akadzapeza ndalama ya kabaza. Ngati maola 72 adutsa, bweranibe mwamsanga, chifukwa jakisoniyu amatha kuthandizako mpaka masiku 10, ngakhale mphamvu yake imakhala itachepa. Koma thupi likapanga kale asilikali, anti-D sangawachotse, ngakhale mutabayidwa kangati. Iye amateteza vuto lisanayambe, sachiza vuto limene layamba kale.

Palinso chinthu china chimene mabanja ambiri sachiwerengera. Pakati poyamba sipafunika kuthera pa mwana wamoyo kuti thupi lipange asilikali. Kupita padera, kuchotsa pakati, pakati pokhala kunja kwa chiberekero, kutaya magazi uli woyembekezera, kugwa kapena kumenyedwa pamimba, ngakhalenso kuikidwa magazi a pozitivi kale, zonsezi zingathe kuyambitsa vutoli. Mwambo wathu umabisa nkhani ya kupita padera, imathera kwa amayi akuluakulu okha, ndipo mtsikana amene anachotsa pakati mobisa sauza munthu aliyense. Ife azaumoyo sitifunsa kuti tiweruze munthu. Tikufuna kudziwa pakati ponse pamene munakhalapo, chifukwa mwana amene banja likumutcha woyamba angakhale wachiwiri kwa thupi lanu. Mukapita padera, fikani kuchipatala pasanathe maola 72 omwe aja ngakhale magazi atasiya okha.

Tiyerekeze mayi wina wa cha ku Tsangano, wa gulu la O negetivi, mwamuna wake ali O pozitivi. Pakati pake poyamba sanayezedwe gulu la magazi, anabereka mwana wamkazi wathanzi, ndipo sanalandire anti-D. Patatha zaka ziwiri wabereka mwana wamwamuna amene analira bwino ndi kuyamwa bwino, koma pofika madzulo a tsiku lomwelo maso ake ndi nkhama zayamba kuoneka zachikasu. Agogo akuti ana ambiri amatero, ingomuwothetsani dzuwa la m'mawa. Agogowo akunena zoona pang'ono, chifukwa chikasu chimene ana ambiri amakhala nacho chimayamba tsiku lachiwiri kapena lachitatu ndipo chimatha chokha. Koma chikasu choyamba mwana asanathe maola 24 si chabwinobwino nkomwe. Chimasonyeza kuti maselo ofiira akuphwanyika mofulumira ndipo akutulutsa utoto wachikasu wotchedwa bilirubini, umene chiwindi cha khanda sichingathe kuuchotsa wonse. Utotowu umayambira kumaso, umatsikira pachifuwa ndi pamimba, ndipo ukafika m'zikhato ndi kumapazi ndiye kuti wachuluka moopsa. Mwana uja akasiyidwa kunyumba, pofika tsiku lachitatu angayambe kugona kwambiri, kukana bere, kulira mokuwa ndi kupindikira kumbuyo khosi ndi msana. Zimenezi zikutanthauza kuti bilirubini wafika mu ubongo, ndipo mwana akapulumuka angathe kukhala wosamva kapena wolumala ziwalo moyo wake wonse.

Mwana yemweyo akafika kuchipatala tsiku loyamba, zinthu zimayenda mosiyana kwambiri. Amayezedwa gulu la magazi, kuchuluka kwa magazi ndi bilirubini, ndipo amagonekedwa pansi pa magetsi a buluu ali wovula, maso ataphimbidwa, uku akuyamwitsidwa pafupipafupi. Bilirubini akamakwerabe, madokotala amasinthitsa magazi a mwanayo pang'onopang'ono kudzera mu mtsempha wa pamchombo, ntchito imene imafuna chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe. Dzuwa la pakhonde silingalowe m'malo mwa chithandizo chimenechi, ndipo madzi a shuga kapena mankhwala a zitsamba sachotsa chikasu. Popeza m'nyumba ya chikuta mumakhala mdima, tulutsirani mwana poyera kawiri pa tsiku, dinani pang'ono pamphuno kapena pachipumi ndi chala, ndipo muone mtundu wa khungu pamene mwachotsa chalacho.

Mayi wa ku Tsangano uja akadzatenga pakati pachitatu pa mwana wa pozitivi, vutoli nthawi zambiri limakula kuposa kale. Mwana angathe kuchepa magazi ali m'mimba momwemo, mtima wake n'kulephera, thupi lonse n'kutupa madzi, mpaka kubadwa atafa kale. Zikafika pamenepa m'mudzi mumabuka nkhani. Ena amati ndi tsempho, bambo anayenda panja mkazi ali ndi pakati, ena amaloza agogo ena kuti akudya ana a mbumba yawo, ndipo banja limatha miyezi likuyenda kwa asing'anga pamene yankho lili m'kabotolo ka magazi kamene labotale ingayeze tsiku limodzi. Ena akamva kuti magazi asiyana amafulumira kunena kuti ukwati uthe. Palibe amene walakwa pa nkhaniyi, ndipo mabanja otere amabereka ana athanzi mayi akatetezedwa pa nthawi yake. Komanso si mwana aliyense wa bambo wa pozitivi amene amakhala pozitivi, chifukwa abambo ena amatha kubereka ana a negetivi, amene asilikali a mayi sawakhudza.

Mayi amene anataya kale mwana mwanjira imeneyi, kapena amene mwana wake anadwala chikasu tsiku loyamba, asadikire kuti mimba ioneke. Ayambe sikelo mwezi ukangomudutsa, afotokoze mbiri yonse, ndipo apemphe kuyezedwa kotchedwa Coombs, kumene kumaonetsa ngati magazi ake ali kale ndi asilikaliwo. Akapezeka nawo, pakati pake payenera kuyang'aniridwa ndi madokotala, ndi sikani pafupipafupi, ndipo ayenera kukachirira kumene kuli magetsi a ana ndi magazi okonzeka, nthawi zina masiku ake asanakwane ngati madokotala aona kuti mwana akuvutika.

Kwa inu amene muli ndi pakati poyamba, tsegulani buku lanu la kuchipatala lero ndipo muone ngati gulu la magazi linalembedwa. Ngati palibe, funsani anamwino kumene mungakayezetse, ndipo ngati pachipatala chanu sayeza, pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma ku Ntcheu. Mukapezeka negetivi, abambo nawonso ayezetse, ndipo kambiranani ndi anamwino miyezi isanathe za kumene anti-D adzapezeke, chifukwa sapezeka nthawi zonse m'zipatala zing'onozing'ono. Amayi a m'malire amene amayendera sikelo kuno koma n'kukachirira tsidya la Mozambique anyamule bukulo ndi kulionetsa kwa amene akuwachiritsa. Jakisoni wa pakati poyamba sateteza pakati potsatira, choncho amafunika pakati paliponse. Ndipo wodikirira, kaya ndi amayi ake kapena apongozi, asamange katundu wotuluka m'chipatala asanafunse ngati mwana wayezedwa gulu la magazi, ngati mayi wabayidwa anti-D, ndiponso ngati tsiku ndi ola la jakisoniyo zalembedwa m'buku.