Kapepala kamodzi ka mayankhulidwe a bizinesi yanu

Ntchito yanga ndi yolemba mauthenga amalonda, ndipo funso lomwe landitopetsa ndi ili: "Tilembereni zoti bizinesi yathu izimveka yochezeka komanso yodalirika." Abale, mawu awiri amenewo sathandiza munthu amene wagwira foni akufuna kulemba. Yochezeka kwa Agogo ndi yochezeka kwa mnyamata wa kabaza pa Nchalo sizofanana. Mayankhulidwe a bizinesi yanu alipo kale mu zomwe munalemba mmbuyomu, ntchito ndi kungowatola basi.

Pali shopu ina ya mankhwala a ziweto cha ku Ngabu yomwe nkhani yake imandinyansabe mpaka lero. Mauthenga a pa Watsapu ankalemba ndi mtsikana wina kwa zaka zitatu, kenako anapita kusukulu ku Blantyre, foni anasiyira mphwake wa mwini shopu. Mnyamatayo sanalakwitse mtengo ngakhale umodzi koma uthenga wake woyamba unali "Sitoko yafika mabigi, fulumira isanathe", tizithunzi tamoto mbwee. Alimi a ng'ombe omwe anazolowera kutumiziratu ndalama pafoni anaganiza kuti nambala yabedwa ndi akuba aja a mauthenga abodza, ena anasiya kutumiza, ndipo mwini shopu anadziwa patatha masabata atatu atakumana ndi kasitomala kumsika.

Atandiitana sindinayambe ndi kufunsa maloto awo. Ndinati tipatseni zakale. Tinapeza mauthenga 22, ndi mawu a pachikwangwani, ndi chilengezo chimodzi chomwe anapereka ku wailesi. Chilengezocho ndinachichotsa chifukwa anachikonza ndi a kuwailesi, si mawu a shopuyo. Pa otsalawo ndinawauza bambowo asankhe 6 omwe akawerenga akuti eya, ife ndi amenewa, ndi 2 omwe amawachititsa manyazi. Awiri oipawo musawanyoze, ndi amene amakuonetsani malire.

Kenako timawerenga ndi cholembera m'manja, kufunafuna zomwe zikubwerezabwereza. Mwa 6 aja onse ankayamba ndi "Alimi athu", onse ankati inu, palibe iwe. Dzina la mankhwala ndi mtengo zinkabwera m'chiganizo choyamba, mtengo wolembedwa chonchi K8,500, osati MK8500 kapena 8.5. Palibe uthenga wopitirira ziganizo zinayi. Ndipo 5 mwa iwo ankatha ndi "Takhuta", Chisena pang'ono chomwe mtsikanayo ankangoika osaganizira n'komwe, koma ndi chimene alimi ankazindikira nacho kuti ndi shopu yawo. Lamulo langa ndi loti chinthu chikaoneka kanayi mwa 6 chilowe mu kapepala, chikaoneka kamodzi chinali chabe mmene munthu anadzukira tsiku limenelo.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Lamulo lililonse lizikhala ndi zitsanzo ziwiri, timatere ndi sititere, zochokera mu mauthenga enieni. Tinalemba kuti katundu akatha timati "Pepani alimi athu, mankhwala a nkhupakupa atha, afika Lachinayi", sitimati "Zatha, dikirani". Munthu watsopano akaona ziwirizo wamva, pomwe mukanangolemba kuti tizikhala aulemu bwenzi aliyense akumasulira zake. Malamulo onse anakwana 7, tsamba limodzi, analijambula n'kulisunga mufoni ya shopu momwemo.

Musanakhulupirire kapepalako kayeseni. Ndinapatsa mnyamata uja ndi mkazi wa mwini shopu nkhani imodzimodzi, yoti mtengo wa mankhwala a njoka zam'mimba wakwera, aliyense alembe payekha. Zonse zinafanana kupatula poti mayiwo anapepesa katatu pomwe mnyamatayo sanapepese n'komwe, ndiye tinadziwa kuti kapepala kathu kali ndi bowo pa nkhani yokweza mitengo. Tinabwerera ku mauthenga akale, tinapeza kuti mtsikana uja ankapepesa kamodzi n'kutchula chifukwa, limenelo linakhala lamulo lachi 8. Ndipo wokonza uthenga wa mnzake azikonza chokhacho chomwe chaswa lamulo lolembedwa, osati chifukwa iyeyo akanalemba mwina.

Chenjerani ndi anyamata omwe akuyenda ndi malaputopu kugulitsa chibuku cha masamba 30 chodzaza mitundu ya penti ndi Chingerezi chokopera, osapempha n'komwe kuona uthenga wanu umodzi wakale. Wosafunsa zakale akukugulitsani mawu a bizinesi ya eni. Komanso musadikire kuti wolemba wanu atsanzike kaye. Ife tinachita mwayi kuti mauthenga anali akadali mufoni, koma kuno mafoni amagwera m'madzi nthawi ya kusefukira, ena amangofufuta zonse malo akadzaza, ndipo zinthu zina monga chifukwa chomwe mtsikanayo sankatchulira mtengo wa katemera pagulu tinachita kumuimbira ali m'kalasi kuti atiuze.