Mankhwala a khunyu amachedwa kukwanira m'magazi, amachedwanso kutuluka

Ndatopa kumva mawu akuti "mankhwala aja sakugwira" kuchokera kwa munthu amene wangomwa masiku atatu. Kumene ndimapereka mankhwala muno mu Harare, mawuwa ndimawamva kawirikawiri kwa abale athu a ku Mbare, Mufakose ndi Epworth, makamaka pa fenobabitoni, mankhwala a khunyu.

Thupi silichotsa mankhwala nthawi imodzi. Limachotsa theka la amene ali m'magazi pakapita nthawi inayake, kenako theka la otsalawo pa nthawi yofanana, n'kumapitiriza choncho. Nthawi imeneyi timaitcha hafulaifu, ndipo ya fenobabitoni mwa munthu wamkulu ndi masiku pafupifupi anayi, pamene ya parasetamo ndi maola awiri kapena atatu okha.

Tiyerekeze bambo amene akumwa mamiligalamu 90 usiku uliwonse. Pofika usiku wachiwiri thupi lachotsa pang'ono chabe, choncho atsopanowo akuwonjezera pa adzulo. Zili ngati mgolo wa madzi wobooka pansi umene mukuthiramo ndowa imodzi patsiku: madzi akamakwera ndi pamene amadontha kwambiri, mpaka odontha alingane ndi othiridwa, ndipo pamenepo sakweranso. Mwa bamboyu mulingo wokhazikikawo ndi mamiligalamu opitirira pang'ono 500 m'thupi lonse. Pa tsiku lachinayi ali pa theka la mulingowo, pa lachisanu ndi chitatu ali pa magawo atatu mwa anayi, ndipo amayandikira mapeto pakadutsa mahafulaifu anayi kapena asanu, kutanthauza masabata awiri kapena atatu. Ndiye akagwa pa tsiku lachitatu, mankhwala sanalephere ayi, koma sanakwanebe.

Ena amati tiwirikize mapiritsi kuti zifulumire. Kumwa mamiligalamu 180 usiku uliwonse sikufupikitsa masabata aja, koma kumakweza kawiri mulingo umene thupi likafikepo, ndipo vuto limaonekera mochedwa, wodwala akayamba kugona kwambiri, kudzandira ndi kulankhula ngati woledzera.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mnyamata wina amene khunyu lake linali litagonja bwinobwino. Azakhali ake anapita naye kwa mneneri wina, amene anamupatsa madzi opempherera ndi kumuuza kuti ataye mapiritsi. Masiku anayi anadutsa osagwa, sabata inatha osagwa, ndipo banja lonse linachitira umboni kuti wachira. Chimene sanadziwe n'chakuti pa tsiku lachinayi theka la mankhwala linali likadali m'magazi, ndipo pa lachisanu ndi chitatu gawo limodzi mwa anayi linalipobe. Ulemu umene analandira mneneriyo unali wa fenobabitoni wotsalira. Mu sabata yachiwiri mnyamatayo anagwa mobwerezabwereza osatsitsimuka pakati, ndipo abale anayamba kaye kupemphera kwa nthawi yaitali asanafune galimoto. Moyo anapulumuka, koma mutu wake sunabwerere mwakale. Kupemphera sindikuletsa, koma munthu wouza wodwala khunyu kuti asiye mankhwala mwadzidzidzi akusewera ndi moyo wa mwana wa eni.

Wodwala amene akugwa mobwerezabwereza chonchi sangadikire masabata atatu, n'chifukwa chake pali mulingo waukulu woyambira. Kuchipatala amayamba ndi dayazepamu kuti kugwedezeka kuleke, ndipo kukapitirira angathe kupereka fenobabitoni wa mumtsempha, mamiligalamu 10 mpaka 20 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa thupi. Kwa munthu wa makilogalamu 60, mulingo wotsikitsitsa ndi mamiligalamu 600, pafupifupi omwe aja amene mapiritsi akanaunjika m'masabata atatu. Umaperekedwa kamodzi, ndipo pambuyo pake wodwala amabwerera ku mulingo wochepa wa tsiku ndi tsiku, wongobwezera zimene thupi lachotsa. Woyambirawo timauwerengera makamaka potengera kulemera kwa thupi, pamene wa tsiku ndi tsiku umadalira mphamvu ya chiwindi ndi impso, ndipo ichi ndicho chifukwa chake agogo ndi odwala impso timawachepetsera.

Zimenezi si zoyesera kunyumba. Fenobabitoni wochuluka nthawi imodzi amafooketsa kupuma ndi kutsitsa kuthamanga kwa magazi, makamaka akakumana ndi dayazepamu kapena mowa, motero amaperekedwa pang'onopang'ono, namwino ali pambali ndi okosijeni.

Munthu akagwedezeka kupitirira mphindi zisanu, kapena akagwanso asanatsitsimuke, mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa, ndipo thamangani naye ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kapena chipatala chimene chili pafupi. Mukafika, nenani zoona za tsiku limene anamwa piritsi lomaliza ndi kuchuluka kwake, pakuti dokotala amawerengera pamenepo mankhwala amene akadali m'magazi asanawonjezere ena.