Milandu iwiri ya ku Libya: wina n'kutsala ku The Hague, wina n'kubwezedwa kwawo

Pamene Rodrigo Duterte, mtsogoleri wakale wa dziko la Philippines, anamangidwa ku Manila mu Malichi 2025 n'kutengeredwa ku The Hague, omutsatira anafunsa kuti, kodi makhoti a ku Philippines sakugwira ntchito? Funsoli ndi lakale, ndipo pamene ICC, khoti la ku The Hague lozenga milandu ikuluikulu ya pa dziko lonse, linavutika nalo kwambiri ndi pa nkhani ya ku Libya.

Pangano la ku Rome la mu 1998, lomwe linakhazikitsa ICC, linakonza zoti makhoti a dziko ndiwo ayambe kuzenga milandu, ICC ingolowa pamene iwo alephera. Gawo 17 limati mlandu sungalandiridwe ku The Hague ngati dziko likuufufuza kapena kuuzenga, pokhapokha dzikolo silikufuna kutero moona mtima kapena lilibiretu mphamvu. Oweruza amafunsa mafunso awiri motsatana. Loyamba ndi lakuti kodi pali kafukufuku weniweni amene akuchitika, ndipo lachiwiri ndi lakuti kodi dzikolo likufunadi komanso lingathe kuzenga mlanduwo. Ngati kafukufuku palibe, nkhani yathera pomwepo ndipo ICC ingalandire mlanduwo, monga a apilo anagamulira pa mlandu wa Germain Katanga, mtsogoleri wa gulu lankhondo la ku DR Congo, mu 2009. Mu Ogasiti 2011 dziko la Kenya linauzidwanso kuti malonjezo okonza makhoti sakwanira: pamafunika kufufuza munthu yemweyo, pa zochita zofanana kwambiri ndi zomwe ICC ikumuimba.

Nkhani ya Libya inatumizidwa ku ICC ndi nthambi ya zachitetezo ya United Nations mu Febuluwale 2011, ndipo pa 27 Juni panatuluka zikalata zomangira Muammar Gaddafi, mwana wake Saif al-Islam, ndi mkulu wa akazitape Abdullah al-Senussi. Muammar ataphedwa, boma latsopano linati awiri otsalawo liwazenga lokha, ndipo linakadandaula motsatira gawo 19, lomwe limalola dziko kutsutsa zoti ICC ilandire mlandu.

Pa 31 Meyi 2013 oweruza anakana pempho lokhudza Saif. Zikalata zomwe Libya inapereka, iwo anati, sizinaonetse bwino malire a zomwe ofufuza ake ankalondola, moti kunali kosatheka kuziyerekeza ndi mlandu wa ku The Hague. Kuwonjezera apo, Saif anali m'manja mwa gulu la zigawenga ku Zintan kuyambira Novembala 2011, ndipo boma la ku Tripoli linalephera kumutenga, linkavutika kupeza maumboni ena, komanso linali lisanamupezere loya. Gawo 17 ndime 3 limatchula zomwezi: dziko lolephera kugwira woimbidwa mlandu kapena kupeza umboni.

Patangopita miyezi yochepa, pa 11 Okutobala 2013, bwalo lomwelo linagamula mosiyana pa al-Senussi, kuti mlandu wake uzengedwe ku Libya. Iye anali m'ndende ya boma, atabwezedwa kuchokera ku Mauritania, ndipo ulendo uno Libya inabweretsa mawu a mboni ndi zikalata zosonyeza kuti ikufufuza kuphedwa ndi kuzunzidwa kwa ochita zionetsero ku Benghazi mu Febuluwale 2011, mlandu womwewo umene ICC inali nawo. Koma nayenso analibe loya pamene ankafunsidwa mafunso. Pa Saif kusowa kwa loya kunawerengedwa ngati chotchinga, pomwe pa al-Senussi oweruza anati vutoli litha kukonzeka. Dzulo lake la chigamulochi nduna yaikulu ya Libya, Ali Zeidan, inabedwa ndi anthu a mfuti kwa maola angapo, ndipo woweruza Christine Van den Wyngaert analemba padera kuti zimenezi zikumudetsa nkhawa, ngakhale anagwirizana ndi anzake.

Maloya a al-Senussi anachita apilo ponena kuti mlandu wopanda chilungamo si mlandu weniweni. Pa 24 Julayi 2014 oweruza a apilo anayankha kuti ICC sinakhazikitsidwe kuti ikhale khoti loona za ufulu wachibadwidwe m'maiko. Kusafuna kumene gawo 17 likunena ndi kwa dziko lotchinjiriza munthu kuti asalangidwe, osati lomufulumizitsa ku chilango, pokhapokha kuphwanya ufulu kwafika poipa moti zochitikazo sizingatchedwenso chiweruzo.

Akatswiri a malamulo anagawikana. Ena amati mawu a panganolo ndi omwewo ndipo oweruza sakanawonjezapo zawo. Ena amaloza mawu a mu gawo 17 ndime 2 onena za njira zachilungamo zozengera milandu zovomerezeka pa dziko lonse, n'kufunsa kuti analembedweranji. Mbali yoyamba ili ndi mbiri ya zokambirana za ku Rome kumbuyo kwake, pakuti maiko ambiri sankafuna khoti lowunika makhoti awo. Komabe malire a kuipa kofika pamenepo oweruza sanawaike poyera, ndipo munthu wofunsidwa mafunso miyezi yambiri wopanda loya anapezeka kuti sanawafike.

Pa 28 Julayi 2015 khoti la ku Tripoli linagamula kuti onse awiri aphedwe, Saif asali m'khotimo. Iye anayesa kugwiritsa ntchito chigamulochi ponena kuti anazengedwa kale, koma mu Malichi 2020 a apilo anati chiweruzo choperekedwa mwini wake palibe sichinali chomaliza m'malamulo a Libya, choncho mlandu wake unakhalabe wololedwa ku The Hague.