Kuyeretsa mizere ya pakati pa matailosi popanda kuifumbutsa

Pa ntchito yanga yoika matailosi, dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti matailosi akuwalabe koma mizere ya pakati pake yada. Nthawi zambiri mwini nyumba akamandiitana amakhala atayesa kale viniga, mandimu kapena mankhwala otsukira chimbudzi, ndipo amandiuza kuti tsiku loyamba mizere inayera bwino, koma pasanathe mwezi inada kuposa kale. Sanama ayi. Zimenezi zili ndi chifukwa chake.

Chimene chimadzaza mizereyo timachitcha gilauti. M'nyumba zambiri gilauti ndi simenti yosalala, nthawi zina yosakaniza ndi mchenga wosefa komanso utoto. Matailosi ambiri ali ndi khungu lagalasi losalowa madzi, pomwe gilauti ali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo amamwa chilichonse chimene chamugwera. Komanso amakhala motsikirako pang'ono poyerekeza ndi tailosi, choncho mukamakolopa, madzi akuda amatsetsereka n'kukaima mumzeremo. Madziwo amauma, litsiro n'kutsala. Pansi pambiri pamene ndaonapo mizere yakuda, wolakwa anali mopu.

Asidi amasungunula simenti. Viniga ndi asidi wofooka, koma ndi asidi ndithu, chimodzimodzi madzi a mandimu, ndipo mankhwala ambiri otsukira chimbudzi ndi asidi wamphamvu kwambiri. Mukawathira pa gilauti amadya kakhungu kapamwamba pamodzi ndi litsiro lake, n'kusiya simenti yoyera ya pansi. Diso limakondwa. Koma pamwambapo tsopano pakhakhala, timabowo takula, ndipo litsiro likubweralo lilowa mwakuya. Mukabwereza kangapo mumayamba kuona mchenga pachala mukasisita mzere. Ngati matailosi anu ndi a mwala wa mabo, asidi amawasiyira zipsera zosawala zimene simungazichotse ndi nsanza.

Musanatsuke, yang'anani kaye mtundu wa kuda kwake. Kuda kwachikasu kapena kofiirira, komata pachala, pafupi ndi pophikira, ndi mafuta. Kotuwa konga phulusa m'bafa ndi sopo amene wagwirana ndi litsiro la m'thupi. Timadontho takuda bii m'makona mosauma msanga ndi nkhungu. Zitatu zonsezi sizifuna asidi.

Ndipereke chitsanzo cha khitchini ina imene ndinagwirako. Matailosi anali oyera, mizere yake inali yotuwa poyamba, koma kutsogolo kwa chitofu ndi kwa sinki inali itafika pofanana ndi khofi. Ndinakanda kamzere kamodzi pakona ndi chikhadabo. Sikanafumbutuke, ndipo pansi pa kuda kuja panaoneka mtundu wake weniweni. Apa ndinadziwa kuti gilauti ndi wolimba, vuto ndi litsiro chabe.

Ndinayamba ndi kusesa, kenaka madzi ofunda okhala ndi timadontho ta sopo wotsukira mbale kuti mafuta apamwamba achoke. Kenaka ndinasakaniza soda wophikira, masupuni atatu pa supuni imodzi ya madzi, mpaka kukhala phala lolimba ngati mankhwala otsukira mano. Ndinapaka phalalo m'mizere ya malo aang'ono, pafupifupi mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, n'kulisiya mphindi 15. Apa ndi pamene ambiri amalephera kudikira. Amangopaka n'kuyamba kukwecha ndi mphamvu zonse, pomwe kudikirako n'kumene kumafewetsa mafuta. Likayamba kuuma nthawi isanakwane, liwazeni timadzi.

Pokwecha ndinagwiritsa ntchito burashi ya nayiloni. Mswachi wakale umathanso, kungoti umatopetsa pa malo aakulu. Burashi yawaya ndi waya wokwechera mapoto musayandikize nazo: zimakumba gilauti, zimakanda m'mbali mwa tailosi, ndipo tizidutswa ta chitsulo totsalira timachita dzimbiri mumzeremo.

Chotsatira chake ndicho chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yobwereza. Thope limene latuluka pokwecha liyenera kuchotsedwa lisanaume. Ndinali ndi ndowa ziwiri, ina ya madzi oyera, ina yofinyiramo siponji. Ndinkapukuta, kufinya, kutsukuluza, kenaka kuumitsa ndi thaulo lakale. Mukangokolopa thopelo ndi mopu, mwalibwezera m'timabowo momwe mwalichotsa. Mayi wa pa nyumbapo atasuzumira anati, "Bambo, koma mizereyi ikadali yakudatu." Ndinawapempha kuti aione m'mawa mwake, chifukwa gilauti wonyowa amaoneka wakuda nthawi zonse. Ataumitsitsa, malo ambiri anali atabwerera mwakale, kupatula mizere inayi ya kutsogolo kwa chitofu.

Pa mizere youma mutuyo ndinabwereza, koma m'malo mwa madzi ndinasakaniza soda ndi haidirojeni perokisaidi wa 3 peresenti, uja wotsukira mabala. Ameneyu amayeretsa madontho amene alowerera popanda kudya simenti. Ngati gilauti wanu ndi wautoto, yesani kaye pamalo obisika, monga kuseri kwa chitseko, n'kudikira kuti paume, chifukwa angafwifwitse mtundu. Za kusakaniza soda ndi viniga, zimene anthu amazikonda chifukwa cha thovu lake, ine sindizilimbikitsa. Ziwirizi zimaphana mphamvu, ndipo thovu likatha mumatsala ndi madzi amchere.

Bulichi, amene ambiri timangomutcha jiki, ali ndi malo ake, omwe ndi pa nkhungu. Msungunuleni, gawo limodzi pa magawo khumi a madzi, mupake pamadonthopo, mudikire mphindi khumi, n'kutsukuluza bwino. Valani magolovesi, tsegulani zenera. Musamusakanize ndi viniga, mankhwala a chimbudzi kapena chilichonse chokhala ndi amoniya, pakuti mpweya umene umatuluka ndi wapoizoni ndipo m'bafa lotseka ungakupwetekeni msanga. Pa mafuta, bulichi amangoyeretsa mtundu, mafutawo n'kutsala pomwepo. Nkhungu ikakhala m'kati mwa silikoni, kalabala kofewa kotsekera m'makona, musavutike kukwecha. Ameneyo ndi wodula n'kuika wina.

Pali vuto limodzi limene asidi wofooka amathandiza: zoyera zolimba ngati choko zimene madzi a laimu wambiri amasiya. Apo nyowetsani kaye gilauti ndi madzi oyera kuti asamwe asidi, pakani viniga wosungunula theka ndi theka kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kutsukuluza ndi madzi ambiri. Chitani kamodzi, osati sabata iliyonse, ndipo osati pa mabo.

Mizere ikayera, isiyeni iume masiku awiri, kenaka donthezani madzi pang'ono pamzere. Akaima ngati kamkanda, gilauti ndi wotetezedwa, kapena ndi wa epokisi, mtundu wina wa gilauti umene sumwa madzi. Akalowa n'kusiya banga lakuda, pakani sila, mankhwala olowa m'timabowo n'kutchinga madzi ndi mafuta. Pakani ndi kaburashi mumzere mokha, ndipo amene wagwera pa tailosi mumpukute asanaume, apo ayi amasiya chifunga. Mukapaka sila pa gilauti wakuda kapena wonyowa, mwatsekera litsiro m'kati.

Nanga ngati pokanda ndi chikhadabo mzere ukufumbutuka, uli ndi ming'alu, kapena tailosi ikulira ngati ng'oma mukaigogoda? Pamenepo kutsuka sikuthandiza, ndipo madzi ochuluka angalowe kunsi kwa matailosi. Gilauti wakaleyo amafunika kukumbidwa ndi kachida kake kokumbira, kuya kwake pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuchindikala kwa tailosi, n'kuikamo watsopano. Wongopaka pamwamba pa wakale amakanganuka pakapita miyezi yochepa.